Mitundu isanu ya mapira m'munda wotsetsereka: kayalidwe ka mabuloko ndi kawerengedwe ka ANOVA

*"Ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Ngabu. Ndili ndi mitundu isanu ya mapira, umodzi wa makolo ndi inayi yatsopano, ndipo ndikufuna kudziwa umene ungabereke bwino kwathu kuno. Munda umene ndapatsidwa ndi wotsetsereka pang'ono: kumunsi kumasunga chinyontho, kumtunda kumauma msanga. Ndimaganiza zobzala mtundu uliwonse m'chigawo chakechake chachikulu, kenaka n'kukolola malo anayi m'chigawo chilichonse. Mnzanga akuti ndigwiritse ntchito RCBD ndi ANOVA. Kodi munda ndiuyale bwanji, nanga zokolola ndiziwerenge motani?"*

Zikomo a alangizi. Mnzanuyo wakuuzani zoona, ndipo ndi bwino kuti mwafunsa mvula isanagwe, chifukwa cholakwika cha kayalidwe ka munda sichikonzeka ndi masamu mbewu zikamera.

Mukabzala mtundu umodzi m'chigawo chimodzi, mtunduwo mwauyesa kamodzi kokha, ngakhale mutakolola malo anayi kapena khumi m'chigawocho. Malo anayiwo ali pa dothi lomwelo, amwa madzi omwewo, ndipo ngati chigawocho chagwera pamene panali khola la ng'ombe kale, onse anayi adzabereka bwino chifukwa cha ndowe, osati chifukwa cha mbewu. Pamapeto mudzaona kuti chigawo china chaposa chinzake, koma simudzakhala ndi njira yolekanitsira mphamvu ya mtundu ndi mphamvu ya nthaka. Kubwereza kwenikweni n'kubzala mtundu womwewo m'timinda tosiyana, tomwazikana m'munda, kuti ulawe pabwino ndi poipa monga mmene inzake ikulawira.

RCBD ndi njira yochitira zimenezo mwadongosolo. Munda umagawidwa m'mabuloko, buloko lililonse limakhala ndi mitundu yonse isanu, uliwonse kamodzi, ndipo malo a mtundu m'bulokomo amapezeka pochita maere. Njirayi inakhazikitsidwa ndi Ronald Fisher pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku Mangalande m'zaka za m'ma 1920, ndipo mpaka lero ndi imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri poyesa mbewu. Mtima wa njirayi uli pa buloko. Buloko labwino ndi lomwe nthaka yake ikufanana kuyambira kamunda koyamba mpaka komaliza, pamene buloko ndi buloko linzake angasiyane mmene angathere. Kusiyana kwa mabuloko sikuvulaza kanthu, chifukwa powerengera timakuchotsa. Chovulaza ndi kusiyana kwa m'kati mwa buloko.

Kwa inu, chinyontho chikusintha kuchoka kumtunda kupita kumunsi, choncho buloko lililonse lipingase matsitso, litsate mmene mizere yanu imayendera. Buloko loyamba likhale kumunsi kwenikweni, lachiwiri pamwamba pake, lachitatu pamwambanso, lachinayi kumtunda kouma. Anthu ambiri amatembenuza apa: amayala buloko lochokera kumtunda mpaka kumunsi poganiza kuti likhale ndi dothi la mitundu yonse. Akatero, mabuloko anayi amafanana okhaokha, kusiyana konse kwa chinyontho kumalowa pakati pa timinda ta m'buloko, ndipo ntchito yoyala mabuloko yapita pachabe.

Musanakhome zikhomo, yendani m'mundamo ndi mwini wake. Iye amadziwa pamene madzi amaima mvula ikagwa usiku wonse, pamene makande amayamba kung'aluka dzuwa likawomba, pamene panali chulu chimene anachigumula, pamene pamatuluka kaufiti chaka ndi chaka, ndi pamene dothi limayera mchere m'chilimwe monga zimachitikira m'malo ena a chigwa chino. Malo otere muwadumphe. Mabuloko sakakamizidwa kugundana. Mukhoza kusiya danga la mamita khumi pakati pa buloko lachiwiri ndi lachitatu kuti mupewe chulu kapena mthunzi wa mlambe. Chimene simungachite n'kulola chulu kukhala pansi pa kamunda kamodzi ka m'buloko, chifukwa mtundu umene wagwera pamenepo udzalandira ulemu wosauyenera.

Ndikupatseni miyeso imene ingagwire ntchito. Kamunda kamodzi kakhale ka mizere 6 yotalikirana masentimita 75, yotalika mamita 6. Timinda tisanu tindondozane pa mizere 6 yomweyo, ndi kanjira ka mita imodzi pakati pake, ndiye kuti buloko lidzakhala la mamita 34 m'litali ndi mamita 4.5 m'lifupi. Pokolola musatenge kamunda konse. Siyani mzere wa m'mphepete uku ndi uku, siyaninso theka la mita kumapeto onse awiri, kuti mukolole mizere 4 ya pakati yotalika mamita 5, omwe ndi malo a mamita 3 kuchulukitsa ndi mamita 5, kapena kuti masikweyamita 15. Pa mapira zimenezi n'zofunika kuposa pa mbewu zambiri, chifukwa mapira a makolo amatalika kupitirira munthu, ndipo amaphimba mitundu yaifupi imene yayandikana nawo; zomera za m'mphepete mwa kanjira nazonso zimapeza dzuwa ndi madzi ambiri kuposa za pakati.

Mabuloko anayi ndikuwasankha pa chifukwa. Mitundu 5 m'mabuloko 4 imasiya nambala 12 pa mzere wa chotsala, umene ndiufotokoza pansipa, popeza (5 − 1) × (4 − 1) = 12. Akatswiri ambiri amafuna kuti nambalayi isatsike kwambiri pansi pa 12, chifukwa ikachepa, muyeso wa phokoso la munda umakhala wosadalirika ndipo pamafunika kusiyana kwakukulu zedi kuti kuonekere. Mabuloko atatu angakupatseni 8 yokha, ndipo mbuzi zikalowa m'buloko limodzi mwatsala ndi awiri.

Maere achitike m'buloko lililonse palokha. Lembani A, B, C, D, E pa timapepala tisanu, tipindeni, tiikeni m'chipewa, wina atulutse kamodzikamodzi. Ndondomeko yotulukayo ndiyo ya buloko loyamba kuyambira kumadzulo kupita kum'mawa. Bwezerani timapepalato, chitaninso pa buloko lachiwiri, mpaka onse anayi. Ngati muli ndi kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya masamu yotchedwa R, mizere iwiri iyi ikwanira:

```r
set.seed(17)
for (i in 1:4) print(sample(c("A","B","C","D","E")))
```

Chonde musakonze zimene maere atulutsa pofuna kuti mtundu umene mumaukonda ukhale kufupi ndi msewu, poonekera alendo. Ngati mtundu umodzi ukhala kumapeto m'mabuloko onse chifukwa choti mwauika dala, mbalame zochokera m'mitengo ya mbali imeneyo zidzadya mtundu womwewo kanayi, ndipo masamu adzanena kuti ndi mbewu yosabereka. Jambulani mapu a munda tsiku lomwelo, lembani makope awiri, chifukwa zikwangwani za m'munda zimadyedwa ndi chiswe kapena kuzulidwa ndi ana.

Buloko silitha pa dothi pokha. Ntchito nazo ziyende buloko ndi buloko. Kuno mvula yobzalira ikagwa, dothi la pamwamba limauma m'masiku ochepa chifukwa cha kutentha, choncho kamunda kobzalidwa Lolemba ndi kobzalidwa Lachitatu sikamera mofanana. Ngati simungamalize tsiku limodzi, malizani mabuloko awiri athunthu lero, awiri mawa. Ngati opalira ali awiri, aliyense atenge mabuloko ake, asagawane mitundu. Kupatulira, kuthira feteleza ndi kupopera mankhwala a ntchemberezandonda kutsate lamulo lomweli. Mukatero, kusiyana kwa masiku ndi kwa manja a anthu kumalowa m'thumba la mabuloko, limene tidzalichotsa.

Mukakolola, kuwomba ndi kupeta, yezani kamunda kalikonse pakokha pa sikelo imodzi. Mitundu yocha mochedwa imakhala ndi chinyezi chambiri, choncho yanikani yonse mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika, kapena ngati muli ndi choyezera chinyezi, bweretsani zonse pa 12.5 peresenti ndi `kg × (100 − chinyezi) / 87.5`.

Tsopano tiwerengere limodzi. Manambala ali m'munsiwa ndawapanga ndekha kuti tiphunzirirepo, si zotsatira za munda wina uliwonse. Ndi makilogalamu a mapira ouma pa masikweyamita 15, ndipo A ndi mtundu wa makolo.

| Mtundu | Buloko 1 | Buloko 2 | Buloko 3 | Buloko 4 | Zonse | Avereji |
|---|---|---|---|---|---|---|
| A | 3.4 | 2.6 | 2.4 | 1.6 | 10.0 | 2.5 |
| B | 3.2 | 3.2 | 3.1 | 2.5 | 12.0 | 3.0 |
| C | 4.4 | 4.1 | 3.0 | 2.9 | 14.4 | 3.6 |
| D | 3.1 | 2.6 | 2.7 | 2.4 | 10.8 | 2.7 |
| E | 3.9 | 3.5 | 2.8 | 2.6 | 12.8 | 3.2 |
| Zonse | 18.0 | 16.0 | 14.0 | 12.0 | 60.0 | 3.0 |

Musanagwire chowerengera, yang'anani kaye tebuloli ndi maso. A wa m'buloko loyamba, kumunsi konyowa, wabereka 3.4, kuposa C wa m'buloko lachinayi amene wabereka 2.9, ngakhale kuti C waposa A m'buloko lililonse mukawayerekeza ali pa dothi limodzi. Apa ndi pamene mungaone chimene chikanachitika ndi zigawo zanu zija: A akanagwera kumunsi, C kumtunda, mukanauza alimi zosiyana ndi zoona.

ANOVA imatenga kusiyana konse kwa manambala 20 amenewa n'kukugawa m'milu itatu: mulu wobwera ndi mabuloko, mulu wobwera ndi mitundu, ndi mulu wotsala umene sitingaufotokoze. Wotsalawo ndiwo phokoso la munda, monga mapesi awiri odyedwa ndi chiswe apa, kadzenje kosunga madzi apo. Funso lonse ndi lakuti mulu wa mitundu ndi waukulu kangati poyerekeza ndi phokosolo.

Timayamba ndi nambala yochotsera, imene imapezeka pochulukitsa chiwerengero chonse ndi icho chomwe n'kugawa ndi kuchuluka kwa timinda: 60 × 60 ÷ 20 = 180. Kenaka nambala iliyonse mwa 20 zija muichulukitse ndi iyo yomwe n'kuphatikiza zonse, zimakwana 188.04, ndipo mukachotsa 180 patsala 8.04. Uku ndiko kusiyana konse. Pa mabuloko, chitani chimodzimodzi ndi ziwerengero za pansi pa tebulo, 324 + 256 + 196 + 144 = 920, gawani ndi 5 popeza buloko lili ndi timinda tisanu, mupeza 184, ndipo mukachotsa 180 patsala 4.00. Pa mitundu, 100 + 144 + 207.36 + 116.64 + 163.84 = 731.84, gawani ndi 4 popeza mtundu uliwonse uli m'timinda tinayi, mupeza 182.96, kutanthauza 2.96 mukachotsa 180. Chotsala ndi 8.04 − 4.00 − 2.96 = 1.08.

Milu imeneyi, imene m'tebulo imalembedwa SS, siyerekezedwa ili chomwecho, chifukwa mulu uliwonse wapangidwa ndi zidutswa zochuluka mosiyana. Uliwonse umagawidwa ndi df yake, ndiyo nambala ya zidutswazo, yomwe pa mabuloko ndi 4 − 1, pa mitundu ndi 5 − 1, pa chotsala ndi 12 ija. Yankho lake limatchedwa MS, ndipo F ndi MS ya mulu kugawa ndi MS ya chotsala.

| Gwero | df | SS | MS | F |
|---|---|---|---|---|
| Mabuloko | 3 | 4.00 | 1.33 | 14.8 |
| Mitundu | 4 | 2.96 | 0.74 | 8.22 |
| Chotsala | 12 | 1.08 | 0.09 | |
| Zonse | 19 | 8.04 | | |

Mitundu ikanakhala yofanana yonse, F yake ikanakhala pafupi ndi 1, ndipo ikanadutsa 3.26 kamodzi kokha pa maulendo 20, 3.26 imeneyi ndi imene mudzaipeze m'tebulo la F pa df 4 ndi 12, pa mlingo wa 5 peresenti. Yathu ndi 8.22, yadutsanso 5.41 wa pa mlingo wa 1 peresenti. Tinganene molimba mtima kuti mitundu isanuyi sikubereka mofanana m'munda uno.

Ndikufuna muone chimene mabuloko akuchitirani, chifukwa ndicho chifukwa chonse cha khama lija loyendayenda ndi chingwe. Tiyerekeze kuti manambala ndi omwewa koma simunalembe buloko la kamunda kalikonse. Mulu wa 4.00 ukanagwera m'chotsala, chikanakhala 5.08 pa df 15, MS yake 0.34, ndipo F ya mitundu ikanatsika kufika 2.19, pansi pa 3.06 wofunika pa df 4 ndi 15. Mukanalemba kuti palibe kusiyana koonekera, pamene C waposa mtundu wa makolo ndi makilogalamu oposa 700 pa hekitala. Theka la kusiyana konse m'chitsanzochi ndi la chinyontho cha matsitso, ndipo latha kuchotsedwa kokha chifukwa buloko lililonse linapingasa matsitsowo.

F yatiuza kuti kusiyana kulipo, koma sinatiuze kuti kuli pakati pa iti ndi iti. Apa timapeza LSD, kusiyana kochepetsetsa kumene tingakukhulupirire pakati pa maavereji awiri:

```
LSD = t * sqrt(2 * MS / r) = 2.179 * sqrt(2 * 0.09 / 4) = 0.46
```

Nambala ya 2.179 ikuchokera m'tebulo la t pa df 12, ndipo r ndi kuchuluka kwa mabuloko. Poyerekeza ndi A, C waposa ndi 1.1, E ndi 0.7, B ndi 0.5, D ndi 0.2. Choncho C ndi E aposa mtundu wa makolo mosakayikitsa, B wangodutsa malire pang'ono, D sitingamusiyanitse ndi A. Koma onani C ndi E: akusiyana ndi 0.4, pansi pa 0.46. Simungalembe kuti C ndiye wapambana onse, ngakhale avereji yake ili pamwamba. Chimene munda wasonyeza n'chakuti C ndi E ali patsogolo, ndipo pakati pa awiriwa mlandu sunagamulidwe. Sizikutanthauzanso kuti ndi ofanana ndendende, koma kuti timinda tinayi sitinakwane kuwalekanitsa.

LSD imachita bwino pa mafunso ochepa amene munawakonzeratu, monga kuyerekeza mtundu watsopano ndi wa makolo. Mukafuna kuyerekeza mitundu yonse iwiriiwiri, zomwe pa mitundu isanu ndi ziyerekezo khumi, mwayi wopeza kusiyana kwabodza umakwera, ndipo njira ya Tukey ndiyo yoyenera. Pa manambala athuwa malire a Tukey ndi 0.68, ndipo B sakudutsanso. N'chifukwa chake ine B ndikanamulemba kuti ayesedwenso, osati kumulengeza kwa alimi. Pofotokozera anthu, sinthani zonse zikhale pa hekitala pochulukitsa ndi 10,000 n'kugawa ndi 15: C ndi makilogalamu 2,400, E pafupifupi 2,130, A pafupifupi 1,670, ndipo LSD ndi pafupifupi 310.

Pali nambala inanso yosonyeza ngati ntchito ya m'munda inayenda mwaukhondo, ndiyo CV, imene imapezeka ndi `sqrt(MS) / avereji * 100` pogwiritsa ntchito MS ya chotsala. Yathu ndi 0.3 kugawa ndi 3.0, ndiyo 10 peresenti, yabwino ndithu pa munda wodalira mvula. Ikakwera kudutsa 25 kapena 30, bwererani ku mapu ndi ku buku lanu la m'munda mukaone chimene chinachitika. Kumbukirani kuti chaka cha ng'amba CV imakwera ngakhale mutagwira ntchito bwino, chifukwa avereji imene mukugawira yatsika.

Ndikulimbikitsa kuti ulendo woyamba muwerengere pamanja, kenaka mutsimikize ndi kompyuta. Fayilo ikhale ndi mizere 20, kamunda kalikonse mzere wake, ndi mitu itatu: `buloko`, `mtundu`, `kg`.

```r
d <- read.csv("zokolola.csv")
d$buloko <- factor(d$buloko)
m <- aov(kg ~ buloko + mtundu, data = d)
summary(m)
plot(m, which = 1)
TukeyHSD(m, "mtundu")
```

Mzere wachiwiriwo musauiwale. Mabuloko akalembedwa 1, 2, 3, 4, R imawatenga ngati miyeso osati maina, ndipo mudzadziwa kuti zalakwika poona `Df` ya `buloko` ili 1 m'malo mwa 3, ya `Residuals` ili 14 m'malo mwa 12. Chithunzi chimene `plot` itulutse chionetse madontho omwazikana mofanana pamwamba ndi pansi pa ziro. Akamatambasuka ngati lipenga kulowera kumene zokolola zili zambiri, ndiye kuti phokoso likukula ndi zokolola, ndipo F ndi LSD sizikudalirika mokwanira. Izi zimachitika kawirikawiri pa zinthu zowerenga, monga kuchuluka kwa kaufiti, ndipo zotere zimafuna kusinthidwa ndi `sqrt` kapena `log` zisanalowe mu ANOVA. Dontho limodzi likatalikira anzake, musalifufute msanga. Funani kapepala ka kamundako. Nthawi zambiri mupeza kuti 2.4 inalembedwa 4.2, kapena matumba awiri anasinthana.

Kamunda kakaonongeka ndi chinthu chochokera kunja, monga ng'ombe, akuba kapena madzi osefukira, musalembe ziro, chifukwa ziro imauza masamu kuti mtunduwo sunabereke. Lembani `NA`, siyani `buloko` patsogolo pa `mtundu` monga zilili pamwambapo, ndipo df ya chotsala idzatsika kukhala 11. Samalani ndi avereji ya mtundu umenewo: C akataya kamunda ka kumtunda kouma, avereji ya timinda titatu totsala idzakwera kufika 3.8 popanda mbewuyo kuchitapo kanthu, choncho muyenera kugwiritsa ntchito avereji yokonzedwa poganizira buloko losowalo. Koma ngati mtundu wafota wokha ndi dzuwa pamene inzake ya m'buloko lomwelo yapirira, chimenecho ndi chotsatira chenicheni ndipo chilembedwe mmene chilili.

Vuto limodzi mabuloko ndi maere sangalithetse, ndilo la mbalame. Mtundu wocha msanga umakhala wokhawokha wokhala ndi ngala zofewa m'dera lonse, ndipo mbalame zimaupeza paliponse pamene maere anauika. Mukapanda kuika munthu woingitsa kuyambira m'mamawa, kapena kuphimba ngala za mizere ya pakati ndi timatumba topita mpweya, ANOVA idzasonyeza momveka bwino kuti mtunduwo ndi wosabereka, pamene chimene mwayeza ndi njala ya mbalame. Lembani tsiku limene theka la zomera za kamunda kalikonse lachita maluwa, ndiponso gawo la ngala zodyedwa, kuti powerenga mudziwe chimene nambala ikunena.

Zotsatira za munda umodzi m'chaka chimodzi ndi za munda umenewo ndi chaka chimenecho. Makande a ku Ngabu samwa madzi ngati dothi la m'mphepete mwa Shire, ndipo buloko la kumunsi limene labereka kwambiri m'chitsanzo chathu ndi lomwe lingamire chaka cha madzi ambiri, ngati 2015 kapena 2023 pamene kunali namondwe wa Freddy. Musanalangize alimi a dera lonse, bwerezani kuyesaku m'minda itatu kapena inayi yosiyana dothi, kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndi mitundu yomweyo, miyeso yomweyo ya timinda, koma maere atsopano pa munda uliwonse. Munda uliwonse uwerengedwe pawokha kaye monga tachitira apa, ndipo maavereji ake muwandandalike pamodzi kuti muone ngati C ndi E akukhalabe patsogolo paliponse, kapena akusinthana malo ndi mtundu wa makolo mvula ikadula msanga.